Apudeti Yakana Kulowa pa PS4: Mufufute Chiyani, Musiye Chiyani?

Uthenga umene umakwiyitsa osewera ambiri a PS4 ndi wakuti "There is not enough free space in system storage". Chokwiyitsa chake n'chakuti nthawi zambiri malo amaoneka kuti alipo. Apudeti ndi ya 8GB, makina akuonetsa kuti 30GB ili yopanda kanthu, koma akukanabe. Munthu akatopa amayamba kufufuta chilichonse chimene chili pafupi, ndipo apa ndi pamene ena amataya timu imene aileretsa kwa miyezi mu Career Mode, kapena ulendo wonse wa Arthur Morgan mu Red Dead Redemption 2.

Makinawo sakunama. PS4 ikamalowetsa apudeti sikuti imangomata kachidutswa katsopano pambali pa gemu. Ikatha kukoka apudetiyo pa intaneti, imakopera mafayilo a gemu n'kumalowetsa zatsopanozo m'kope limenelo, ndipo zakale imazichotsa pokhapokha kope latsopano likakwanira. N'chifukwa chake mumaona mzere wa "Copying" ukuyenda pang'onopang'ono ngakhale kukoka kunatha kale. Zili ngati kusamutsa chimanga kuchoka m'thumba long'ambika: chigamba n'chaching'ono, koma mukufunika thumba lina lathunthu lopanda kanthu. Choncho malo amene apudeti ikufuna amatengera kukula kwa gemu, ndipo angafike pafupi ndi kukula kwa gemu yonseyo. Kumbukiraninso kuti PS4 yolembedwa 500GB imakupatsani pafupifupi 408GB basi, popeza malo ena amatengedwa ndi pulogalamu yoyendetsa makinawo.

Chinthu chimodzi chimene chingakuchotseni mantha ndi ichi: pa PS4 gemu imakhala kwina, sevu yanu imakhalanso kwina. Mukalowa ku Settings, kenako Storage, kenako System Storage, muona malo atagawidwa: Applications, Capture Gallery, Saved Data ndi Themes. Magemu ndi maapudeti awo ali mu Applications. Pamene mwafika m'gemu, makapu amene mwawina, zida zimene mwatola, zonsezo zili mu Saved Data. Mukaloza gemu, n'kudina OPTIONS pa padi n'kusankha Delete, chimene chimapita ndi gemu yokha. Sevu imatsala, ndipo tsiku limene mudzabwezeretse gemuyo mudzapitiriza pomwe munasiyira. Kuwonjezera apo, masevu ndi tinthu ting'onoting'ono, tambiri timawerengedwa m'mamegabaiti. Amene akufufuta mu Saved Data kuti apeze malo akutaya chinthu chosagulika pofuna malo amene sangakwane ngakhale kachigawo ka apudeti. Kumeneko musakhudzeko ayi.

Sizonse zimene mwachita m'gemu zimene zili m'makina anu. Ultimate Team, GTA Online ndi Fortnite zimasungidwa pa makompyuta a makampani ake, zomangirizidwa ku akaunti yanu, moti ngakhale makina atapsa mudzazipeza bola mukukumbukira imelo ndi pasiwedi. Koma Career Mode, nkhani ya Michael, Franklin ndi Trevor mu GTA V, ndi magemu ena amene mumasewera nokha popanda intaneti, masevu ake ali mu hadi disiki ya PS4 yanu. Amenewa ndi amene ayenera kutetezedwa musanayambe kufufuta kalikonse.

Kuwateteza kumangofuna fulashi wamba, ngakhale ya 8GB, yokonzedwa mu FAT32 kapena exFAT. Ilowetseni kutsogolo kwa makina, pitani ku Settings, Application Saved Data Management, Saved Data in System Storage, kenako Copy to USB Storage Device. Sankhani gemu, chongani mafayilo ake, dinani Copy. Mukafuna kutsimikiza kuti zatheka, bwererani n'kulowa mu Saved Data on USB Storage Device muone ngati gemuyo ikuoneka. Amene amalipira PlayStation Plus ali ndi 100GB yosungira masevu pa intaneti, koma ine ndimalimbikitsabe fulashi, chifukwa siifuna bandulo ndipo siitha ntchito mukasiya kulipira. Pali mfundo ziwiri zimene ambiri amazidziwa mochedwa. Makina salola kukopera masevu ngati wosewerayo sanalowepo mu PlayStation Network ngakhale kamodzi. Komanso sevu imamangirizidwa ku akaunti imene inaipanga, ndiye simungaipereke kwa mnzanu kuti aitsegule pa dzina lake. Ngati pakhomo mumasewera anthu atatu, aliyense ndi dzina lake, aliyense alowe yekha akopere zake.

Tsopano tiyerekeze makina a 500GB amene atsala ndi 30GB. Gemu yaikulu ya 90GB ikufuna apudeti ya 8GB, ndipo makina akuti mupezenso malo ena okwana 60GB. Poyambira pabwino ndi Capture Gallery. Batani la SHARE limasunga mavidiyo a mphindi 15 ngati simunasinthe, ndipo likhoza kuikidwa mpaka mphindi 60. M'nyumba imene ana amakonda kusunga zigoli zawo, mavidiyo amenewa amaunjikana osadziwika. Tinene kuti mwapezamo 12GB. Amene mukuwakonda akopereni pa fulashi ndi Copy to USB Storage Device, otsalawo fufutani. Mwatsala ndi 48GB yoti mupeze.

Mukalowa mu Applications muona gemu iliyonse ndi kukula kwake. Apa funso lisakhale lakuti gemu yaikulu ndi iti. Funsani kuti ndi iti imene idzakudyereni ndalama zochepa kuibwezeretsa. Kwa munthu amene amagula bandulo, kusiyana kwake n'kwakukulu. Gemu ya pa disiki imabwerera kuchokera pa disikipo popanda intaneti, ngakhale kuti maapudeti ake amapita limodzi ndi gemuyo ndipo adzafunika kukokedwanso. Gemu yogula pa PlayStation Store idzakokedwa yonse, kuyambira pa gigabaiti yoyamba. Choncho ngati pali FIFA ya chaka chakale ya 40GB imene disiki yake ili m'kabati, ndi gemu ina ya 45GB imene munachita kukoka pa intaneti, ichoke ndi FIFA yakaleyo. Career Mode yake itsala mu Saved Data. Yatsala 8GB, ndipo kagemu kamodzi kamene munamaliza kalekale kakwanitsa. Magemu ena a Call of Duty, monga Modern Warfare ya 2019, amalolanso kuchotsa zigawo m'kati mwa gemu momwemo, mwachitsanzo Campaign ngati munaimaliza, n'kusiya zimene mumasewera.

Apudeti ikalowa, malo ambiri amene makina anabwereka amabwerera. Mungakopeke kuwadzazanso tsiku lomwelo, koma apudeti yotsatira idzafunanso malo omwewo. Lamulo langa n'lakuti malo opanda kanthu akhale pafupifupi ofanana ndi gemu yaikulu kwambiri imene imalandirabe maapudeti.

Amene safuna kufufuta kalikonse ali ndi njira ina. Kuyambira mu 2017, pamene kunabwera pulogalamu ya makina ya 4.50, PS4 imalola kusunga ndi kusewera magemu pa hadi disiki yakunja. Iyenera kukhala ya USB 3.0, yosachepera 250GB komanso yosapitirira 8TB, ndipo ilumikizidwe mwachindunji ku makina, osadzera pa kachipangizo kochulukitsa mabowo. Mumaikonza ku Settings, Devices, USB Storage Devices, Format as Extended Storage. Chenjezo lili pa mawu akuti Format: zonse zimene zili m'disikimo zifufutika, kaya ndi zithunzi za ukwati kaya nyimbo. Ndipo musachite zimenezi pa chipangizo chimene mwasungapo masevu aja. Ikakonzeka, pitani mu Applications, dinani OPTIONS, sankhani Move to Extended Storage. Magemu amasamuka ndi maapudeti awo onse, osawononga bandulo ngakhale pang'ono. Masevu okha satsatira, amakhalabe m'kati mwa makina. Pochotsa disikiyo makina ali oyaka, yambani mwasankha Stop Using Extended Storage, musangoizula.

Nanga masevu amatayika bwanji, ngati kufufuta gemu sikuwakhudza? Njira zake n'zodziwika. Yoyamba ndi Delete User: kuchotsa dzina la wosewera kumachotsanso masevu ake, zithunzi zake ndi mavidiyo ake. Yachiwiri ndi Initialize PS4, imene imabwezera makina mmene anachokera kusitolo. Mukapita ndi makina kwa wokonza n'kungomuuza kuti "adzadza", njira yachidule kwa iye ikhoza kukhala imeneyi, choncho koperani masevu musanatuluke nawo pakhomo, ndipo munene momveka kuti simukufuna Initialize. Mu Safe Mode muli Rebuild Database, imene imangokonza kaundula wa mafayilo osafufuta masevu, koma ili pamwamba penipeni pa Initialize PS4 pamndandanda womwewo. Werengani kawiri musanadine X. Yachitatu ndi magetsi. Akathima makina akulemba pa disiki, fayilo imene imalembedwayo ikhoza kuwonongeka, ndipo mudzaiona yalembedwa Corrupted Data. Ngati kwanuko magetsi amathima pa nthawi yodziwika, apudeti yaikulu yambitsani akangoyaka kumene, osati madzulo mukuyembekeza kuti apita.

Pali msampha wina umene umagwira makamaka ife amene timagula madisiki akaunjika, ena ochokera ku Joni kapena ku Mangalande, ena ku Amereka. PS4 imasewera madisiki a chigawo chilichonse, koma gemu imodzimodziyo imakhala ndi nambala yosiyana malinga ndi chigawo chake. Nambalayo imayamba ndi CUSA ndipo imalembedwa pa disiki ndi pamsana pa chikuto. Sevu imatsatira nambala imeneyi. Mukafufuta gemu imene munalowetsa ndi disiki yobwereka ya ku Amereka, n'kudzagula yanu ya ku Ulaya, nthawi zambiri gemu imayambira pachiyambi ngati simunaseweko, pamene sevu yakale ili phee mu Saved Data. Siinatayike, koma disiki yatsopanoyo siyikuizindikira. Musanafufute gemu imene disiki yake si yanu, lembani nambala ya CUSA ija kuti podzagula mudzafunefune yofanana.

Amene asamukira ku PS5 adziwe kuti kumeneko chinthu chimodzi chinasintha. Kufufuta gemu sikukhudzabe sevu, ndipo masevu a magemu a PS4 amakoperekabe pa fulashi. Koma masevu a magemu a PS5 sakopereka amodziamodzi. Mumawasunga pa intaneti kudzera mu PlayStation Plus, kapena mugwiritse ntchito Back Up and Restore ya mu System Software, imene imasunga zinthu za makina pa chipangizo cha USB. Dziwani kuti pobwezeretsa, Restore imayamba yafufuta zonse zimene zili m'makinamo, kenako n'kuikamo zimene munasunga tsiku lija, choncho chilichonse chimene mwasewera kuchokera tsiku limenelo chimapita.