Nkhope ndi khosi zikasiyana mtundu pa chithunzi

Zithunzi za ukwati zikafika kwa eni ake, nthawi zina pamamveka dandaulo lakuti nkhope ya mkwatibwi ikuoneka bwino koma khosi latuwa kapena labiriwira. Ambiri amaloza chala amene anamudzola zodzoladzola, chonsecho vuto limakhala layambira m'kamera n'kukulira pa kompyuta.

Kuwala kulikonse kuli ndi mtundu wake, ndipo ojambula amauyeza m'makelevini. Dzuwa la masana lili pafupifupi 5500, babu lachikasu 3000, pomwe mthunzi umafika 7000 kapena kuposa. Kamera ikasiyidwa pa "Auto White Balance" imangoyerekeza. Khungu lakuda ndiye limavutika kwambiri, chifukwa likanyezimira ndi mafuta kapena thukuta limaonetsa mtundu wa zinthu zolizungulira. Mkwatibwi akaima pa kapinga, chipumi ndi masaya zimatenga buluu wa kumwamba, pamene khosi, lomwe lili mumthunzi wa chibwano, limalandira kuwala kobiriwira kochokera pansi. Munthu ndi mmodzi koma kuwala n'kwa mitundu iwiri, choncho kukonza chithunzi chonse kamodzi sikungakwanire.

Wojambula wosamala amayambira pamalo pomwepo. Amajambula mu RAW, ndipo pa chithunzi choyamba amamugwiritsa mkwatibwi khadi lotuwa pafupi ndi chibwano. Diresi loyera si lodalirika, chifukwa nsalu zambiri zoyera zimapendekera ku buluu, ndipo wokonza akaliyesa muyezo khungu limatuluka lachikasu mopitirira.

Mu Lightroom, akadina khadi lija ndi chosankhira mtundu, nkhope imakhala m'malo mwake. Kenako amayatsa "Show Lab Color Values" kuti asadalire maso okha, omwe amazolowera cholakwika msanga. Nambala ya a imasonyeza kufiira kapena kubiriwira, ya b chikasu kapena buluu, ya L kuwala. Tiyerekeze kuti tsaya lasonyeza a 14 ndi b 18, koma khosi a 7 ndi b 16. Kusiyana kwakukulu kuli pa a, ndiye kuti kapinga walowerera. Wokonza amasankha khosi ndi mapewa paokha pogwiritsa ntchito "Masking", n'kukankhira "Tint" pang'onopang'ono kumbali yofiirira mpaka a atayandikira 12. Sayenera kufika ndendende pa 14, poti khungu la mumthunzi silikhathamira mtundu ngati la powala.

Nambala ya L ndiye aisiye. Khosi limakhala loderako mwachilengedwe, ndipo kuliwalitsa kuti lifanane ndi nkhope kumafafaniza mzere wa chibwano, khungu n'kutuwa ngati phulusa. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena amawalitsa nkhope dala poganiza kuti akukongoletsa munthu, pomwe akungomuchotsera khungu lake lenileni.

Asanatumize, wokonza amachepetsa chithunzicho kufika kukula kwa pafoni n'kuyang'ana makutu, manja ndi m'mphepete mwa chibwano. Pakaoneka mzere pomwe mtundu ukusintha mwadzidzidzi, amakweza "Feather" ya burashi n'kupakanso m'malire mwa khosi.