Musanauze dizaina kuti "tangopangani posita yokongola"

Tiyerekeze kuti kwaya ina ya ku Ndirande ikukonza phwando la nyimbo kuti ipeze ndalama zogulira kiyibodi. Mlembi wa kwayayo wapeza mnyamata wodziwa kukonza maposita pa laputopu, wogwira ntchito payekha, amene anthu amangoti dizaina. Amuimbira lamya, amufotokozera mwachidule, kenako amutumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp wotalika mphindi zitatu, chithunzi cha kwaya chimene wina anajambula kutada, ndi logo imene aijambula pa kalata yakale. Pomaliza akuti, "Achimwene, inu ndinu katswiri, tangopangani yokongola."

Posita ibwera ndithu, ndipo pa foni ioneka bwino. Mavuto ayamba ikafika kwa osindikiza: logo yachita mbuu, mtundu wa yunifolomu wasanduka wina, dzina la holo ladulidwa m'mphepete. Dizaina anena kuti anapanga zimene anauzidwa, mlembi anena kuti sanauze zimenezo, ndipo onse awiri akunena zoona, chifukwa palibe chimene chinalembedwa. Chofunika ndi kalata imodzi yofotokoza ntchitoyo, yosapitirira tsamba limodzi, yolembedwa ntchito isanayambe.

Mawu a pa posita ndi ntchito ya mwini posita. Dizaina amadziwa kuwayala, koma sadziwa kuti phwando liyamba 1 koloko kapena 2 koloko, ndipo akamalemba kuchokera ku uthenga wa mawu amalemba zimene khutu lake lamva. Choncho mlembi ataipe mawu onse ndendende mmene akufuna kuti atulukire, kuti dizaina angokopa n'kuika osalembanso yekha. Manambala a foni ndiwo amavulala kwambiri. Nambala ya foni ya m'manja kuno imakhala ndi manambala 10, ndipo awiri okha akasinthana malo, ndalama za matikiti za pa Airtel Money kapena Mpamba zimakagwera kwa munthu wachilendo. Tsiku nalo liyang'anidwe pa kalendala, pakuti si zachilendo kuona posita yolengeza Loweruka pamene detilo likugwa Lamlungu.

Chovuta kwambiri si kulemba mawuwo koma kusankha amene atsogole. Munthu amene ali mu minibasi kapena akudutsa pa msika amangoponya diso kamodzi. M'kanthawi kameneko awerenga chinthu chimodzi, mwina ziwiri. Komiti ya kwaya imafuna kuti dzina la mlendo wolemekezeka, vesi la m'Baibulo, mayina a makwaya asanu oitanidwa ndi mawu othokoza zonse zikhale zikuluzikulu, koma pepala silikula. Chilichonse chimene mwawonjezera chimachepetsa zina zonse. Mlembi wanzeru amaika mawu ake m'magulu atatu ndipo amamuuza dizaina momveka. Loyamba ndi mutu, woti uwerengeke patali. Lachiwiri ndi tsiku, nthawi, malo ndi mtengo wolowera. Lachitatu ndi zimene awerenge munthu amene waima n'kuyandikira. Olemba zikwangwani ali ndi muyeso wawo wapafupi: chilembo chotalika masentimita 2.5 chimawerengeka mosavuta pa mtunda wa mamita atatu. Ngati mukufuna mutu uwerengeke pa mamita 6, zilembo zake zifike masentimita 5, ndipo pa pepala la A3, limene m'lifupi muli masentimita osakwana 30, mzere umodzi ungatenge zilembo zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu zokha. Ndiye kuti mutu wa mawu khumi ndi awiri sungatheke, kaya komiti ikangane mpaka usiku.

Ngati posita ndi ya Chichewa, pali kanthu kena koti munene. Mitundu yambiri ya zilembo zokongoletsa za pa kompyuta ilibe chilembo cha ŵ, ndipo chikasowa pamatuluka kabokosi kapena chilembo chosafanana ndi zinzake. Ngati mumalemba ŵ, muuzeni dizaina asankhe zilembo zimene zili nacho. Muuzeninso kuti asadule mawu pakati pofuna kuti akwane pa mzere popanda kukufunsani.

Pa mitundu, mawu a pakamwa sathandiza. "Chofiira ngati yunifolomu yathu" n'chomveka kwa amene anaiona yunifolomuyo, ndipo "chobiriwira" wina amamva msipu pamene wina akumva buluu. Mtundu uliwonse uli ndi nambala yake pa kompyuta, monga #7A1F2B, womwe ndi wofiira woderapo. Ngati amene anakonza logo yanu anasiya manambala otere, atumizeni. Ngati palibe, mpatseni dizaina nsalu yeniyeniyo kapena kalata yosindikizidwa bwino, osati chithunzi cha pa foni, chifukwa foni iliyonse imaonetsa mitundu mwanjira yake. Mitundu iwiri kapena itatu ndi yokwanira, ndipo mawu ofunika akhale akuda pa malo owala kapena oyera pa malo akuda. Zilembo zachikasu pa pepala loyera zimasowa dzuwa likawomba, ndipo zofiira pa buluu zimapweteka maso.

Dziwaninso kuti foni ndi makina osindikizira sizipanga mitundu mofanana. Foni imasakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, njira imene pa kompyuta imalembedwa RGB. Makina amasakaniza inki zinayi pa pepala, njira ya CMYK. Pali mitundu ina yowala kwambiri, makamaka buluu wowala ndi wobiriwira wowala, imene inki singaifikire, ndipo pa pepala imatuluka yozizira, buluu nthawi zina n'kupendekera ku pepo. Dizaina akadziwa pachiyambi kuti ntchitoyo isindikizidwa, amaikonza mu CMYK, ndipo zimene akuonetseni zimayandikira zimene zidzatuluke. Afunseninso osindikiza anu zimene makina awo amafuna, chifukwa timashopu tina timalandira RGB.

Logo ndi pamene ambiri amapunthwa. Zithunzi za pa kompyuta zilipo za mitundu iwiri. Zina zimapangidwa ndi timadontho towerengeka, mapikiselo, monga JPG ndi PNG, ndipo mukazikulitsa timadonthoto timangofufuma. Zina zimasungidwa ngati mizere ndi makona, monga SVG, EPS, AI ndi PDF zina, ndipo zimakula kufika pa chikwangwani cha mumsewu osawonongeka. Kuti chinthu choyang'ana pafupi chisindikizike bwino, pamafunika timadontho 300 pa inchi iliyonse. Tiwerengere logo ya kwaya yathu: ngati ili ndi mapikiselo 500 m'lifupi, tikagawa ndi 300 tipeza inchi imodzi ndi magawo awiri mwa atatu, omwe ndi masentimita 4 ndi pang'ono. Kupitirira apo iyamba kufooka, ndipo pa masentimita 12 m'mphepete mwake muoneka ngati mano a sowo. Njira yodziwira ndi yapafupi: tsegulani logoyo pa foni, ikulitseni ndi zala, muone ngati m'mphepete mwa zilembo mukhalabe mosalala.

Funsani amene anakonza logoyo akupatseni fayilo yoyambirira. Ikasowa, PNG yaikulu yopanda kabokosi koyera kumbuyo ingathandize. Zonse zikakanika, dizaina ayenera kuijambulanso, ndipo imeneyo ndi ntchito ina yokhala ndi mtengo wake, choncho mukambirane pachiyambi. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document osati Gallery, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwamasiku onse chimafinyidwa kuti chisadye bandulo. Mukalatamo nenani malo a logo, ndipo nenani kuti isatambasulidwe kapena kusinthidwa mtundu. Ngati pali mabungwe kapena masitolo amene athandiza phwandolo, lembani ndondomeko ya malogo awo. Amene wapereka zambiri akaona logo yake ili yaing'ono kumapeto, mlandu wake sugwera dizaina.

Tsopano kukula kwake. A4 ndi mamilimita 210 kwa 297, A3 ndi 297 kwa 420, A2 ndi 420 kwa 594, ndipo A1 ndi 594 kwa 841. Ubwino wa mapepala a mtundu wa A ndi woti onse ali ndi maonekedwe amodzi, choncho posita yokonzedwa pa A2 imachepetsedwa kukhala A3 kapena A4 popanda kusuntha chilichonse, bola tizilembo tating'ono tiwerengekebe. Kukulitsa ndiye koopsa, chifukwa zithunzi zimafooka. Mutchuleni dizaina saizi yaikulu kwambiri imene mudzaifune. A3 yodzaza ndi chithunzi imafuna mapikiselo 3508 kwa 4961, ndipo chithunzi cha kwaya chija chojambulidwa kutada n'kudutsa m'magulu atatu a WhatsApp sichingafike pamenepo.

Ya pa foni ndi nkhani ina. Sitetasi ya WhatsApp ndi mapikiselo 1080 kwa 1920, yaitali ndi yopapatiza kuposa A3, pamene ya mbali zofanana ya pa Facebook ndi 1080 kwa 1080. Dizaina sangangofinya posita ija. Ayenera kuyalanso mawu ndi zithunzi, mwinanso kuchotsa gulu lachitatu la mawu. Amene amakumbukira zimenezi ntchito itatha, n'kumati "tangondichepetserani", akupempha ntchito yachiwiri mwaulere.

Ngati mtundu ukufika m'mphepete mwenimweni mwa pepala, osindikiza amasindikiza pa pepala lokulirapo n'kudula. Mpeni wa makina sugwa malo amodzi nthawi zonse, choncho dizaina amapitiriza mtunduwo mamilimita 3 mbali zonse, ndiye kuti fayilo ya A3 imakhala 303 kwa 426. Mawu akhale mamilimita 5 kapena kuposapo kuchokera pamene mpeni udutse. Timakina tambiri ta m'timashopu sitifika m'mphepete, timasiya mzere woyera kuzungulira, ndipo ndi bwino dizaina adziwe zimenezi asanayambe.

Kalata ya mlembi wathu ingamveke motere: "Achimwene, tikufuna posita ya phwando la nyimbo. Mawu onse ali m'munsimu, musasinthe kalembedwe. Mutu ndi PHWANDO LA NYIMBO, uwerengeke patali; motsatira, tsiku, nthawi, malo ndi K3,000 pakhomo; zotsalazo zing'onozing'ono. Mitundu ndi #7A1F2B, woyera ndi wachikasu pang'ono. Logo ndatumiza ya SVG, ikhale pamwamba kumanzere. Tikufuna A3 ya PDF mu CMYK, yokhala ndi mamilimita 3 odulira, ndi sitetasi ya 1080 kwa 1920 ya PNG. Tione koyamba Lachitatu, tikonzetse kawiri, yomaliza Lolemba. Theka la ndalama lero, theka polandira mafayilo. Zosintha zonse zidzachokera kwa ine ndekha."

Chiganizo chomalizachi chimateteza dizaina ku komiti, imene aliyense ali ndi nambala yake ndiponso maganizo ake. Mlembi asonkhanitse ndemanga zonse, azitumize pamodzi, zolembedwa. Fayilo yomaliza ikabwera, asindikize pepala limodzi lokha pa makina omwewo amene asindikize onse, alimate pa khoma, abwerere m'mbuyo mamita 6 aone ngati mutu ukuwerengeka, kenako apatse munthu amene sanaionepo positayo kuti ayimbe nambala imene yalembedwapo. Foni yoyenera ikalira, alamule mapepala 100 aja.