Kodi mumadziwa? Chithunzi cha Panado chimabisa maatomu

Panado yemwe amagulitsidwa m'magolosale a ku Nyambadwe ndi mankhwala a parasetamolo, C8H9NO2. Koma pa chithunzi chimene akatswiri amajambula, zilembo za C ndi H zimaoneka zochepa kwambiri. Chinsinsi chake n'chakuti ngodya iliyonse, komanso nsonga ya mzere yopanda chilembo, ndi atomu ya kaboni. Kaboni aliyense amagwira manja anayi, ndipo dzanja losajambulidwa limakhala litagwira haidrojeni.

Pakati pali mkombero wa ngodya 6, wotchedwa benzini. Mbali imodzi kwalumikizidwa OH. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi alukoholo, koma OH wokhala pa mkombero wa benzini ndi finolo.

Mbali inayo ndiye imakola ophunzira ambiri. Akaona C=O, amalemba kuti kitoni, osayang'ana atomu yoyandikana nayo. Pano C=O wagwirana ndi naitrojeni, NH, choncho gululi ndi amaidi. Likanakhala kitoni, mbali zonse ziwiri zikanakhala kaboni.

Kuwerengera kumatsimikizira: makaboni 6 mumkombero, wina pa C=O, wina kunsonga, onse pamodzi 8.