Kompyuta Ikasiya Kuyankha m'Gulu la Kubernetes

Kubernetes ndi pulogalamu yogawira ntchito makompyuta ambiri ngati kapitawo wa pa esiteti. Pa kompyuta iliyonse pamakhala kapulogalamu kotchedwa kubelet, kamene kamauza likulu pafupipafupi kuti zinthu zili bwino. Kakangokhala chete kwa masekondi 40 kapena 50, likulu limalemba NotReady pambali pa dzina la kompyutayo, ndipo pakatha mphindi 5 ntchito zake zimayamba kusamutsidwa.

Katswiri sathamangira kuzimitsa makina. Amayamba wafunsa:

```
kubectl describe node <dzina>
```

Pa mzere wa Ready akapeza Unknown, ndiye kuti kubelet sakumveka n'komwe: mwina wafa, mwina netiweki yaduka. Apo amalowa m'kompyutamo n'kuwerenga madandaulo ake ndi `journalctl -u kubelet`. Akapeza False, kubelet ali moyo ndipo akunena yekha chomwe chavuta.

Tiyerekeze kuti DiskPressure ikuonetsa True. Malo otsala pa disiki achepera 10 peresenti, ndipo kubelet wayamba kuthamangitsa mapulogalamu. Zimenezi pazokha sizibweretsa NotReady, koma disiki ikadzaziratu containerd, amene amayendetsa mapulogalamuwo, amajema. Lamulo la `df -h` limaonetsa podzadzapo, ndipo kawirikawiri olakwa amakhala mafayilo a malipoti amene palibe anawasesa.

Uthenga ukatchula NetworkPluginNotReady, disiki musayinamizire mlandu. Yang'anani mu `/etc/cni/net.d`: mukakhala mopanda kanthu, ndiye kuti pulogalamu yolumikiza, kaya Calico kaya Flannel, sinadzuke pa kompyutayo.