Tayifodi Amabisala M'matumbo

Tayifodi savuta kusokoneza ndi malungo: thupi limatentha, mutu nkumawawa. Koma kutenthako kumakwera tsiku ndi tsiku, m'mimba mukupweteka, wina akutsekula pomwe wina wadzimbidwa.

Kuyeza kwa Widala, komwe zipatala zambiri zimadalira, kumanamiza kawirikawiri. Chodalirika nkumeretsa tizilombo ta m'magazi, koma ndi malabotale ochepa amene amatha.

Mankhwala akagwira, kutentha kumatsika patapita masiku 3 mpaka 5, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalekera. Tizilombo timakhala tisanathe: matenda amabwerera, kapena timabisala mu ndulu, munthu nkumapatsira anzake. Tayifodi wosachizidwa bwino amatha kuboola matumbo m'sabata yachitatu. Mimba ikauma gwa, ululu nkukula mwadzidzidzi, pafunika opaleshoni tsiku lomwelo.