Chifukwa chake mchere wina umalepheretsa unzake kusungunuka

Akatswiri a kemisitiri akamati mchere satanthauza wothira m'ndiwo wokha. Pali michere yambiri, ndipo ina imasungunuka pang'ono kwambiri m'madzi. Umodzi mwa michere yotere ndi siliva kolorayidi, ufa woyera womwe amaulemba kuti AgCl. Pa kutentha kwa madigiri 25, lita imodzi ya madzi imasungunula mamiligalamu 1.9 okha a ufawu. Koma mukayamba mwathiramo kamchere ka kukhitchini m'madzimo, ufa wosungunuka umachepa kwambiri kuposa pamenepa.

Ufawu ukamasungunuka umagawikana kukhala tizidutswa tiwiri tokhala ndi mphamvu ya magetsi, totchedwa maayoni: ayoni ya siliva, Ag⁺, ndi ayoni ya kolorayidi, Cl⁻. Pamene maayoni ena akuchoka pa ufa, ena amakumana m'madzimo n'kugwirananso n'kubwerera pansi. Madzi akakhuta, ochoka ndi obwerera amalingana. Zikafika apa pali lamulo: mukachulukitsa kuchuluka kwa siliva ndi kuchuluka kwa kolorayidi, yankho limakhala nambala imodzimodzi malinga ngati kutentha sikunasinthe. Nambalayi ndi Ksp, ndipo ya AgCl ndi pafupifupi 1.8 × 10⁻¹⁰. Zili ngati munda womwe uyenera kukhala ekala imodzi basi: mukawonjezera m'litali, m'lifupi muyenera kuchepa.

Tiyambe ndi madzi opanda kanthu. Kuchuluka kwa maayoni timakuyeza m'mamolo pa lita, molo kukhala muyeso womwe akatswiri amawerengera tizidutswa. Siliva ndi kolorayidi onse akuchokera ku ufa womwewo, choncho ndi ofanana. Tiwatche s. Ndiye kuti s × s = 1.8 × 10⁻¹⁰, ndipo s ndi 1.3 × 10⁻⁵, kapena kuti 0.000013. Popeza molo imodzi ya AgCl imalemera magalamu 143, awa ndi mamiligalamu 1.9 aja.

Tsopano titenge lita ina, tisungunulemo kaye magalamu 0.58 a mchere wa kukhitchini, NaCl. Amenewa ndi mamolo 0.01, ndipo onse amasungunuka n'kupereka kolorayidi wokwana 0.01. Tikathira ufa uja, umapeza madzi atadzaza kale ndi kolorayidi, ayoni yomwe michere iwiriyi ili nayo yonse. Kolorayidi wochokera ku ufa ndi wochepetsetsa moti tingamunyalanyaze, ndiye masamu amakhala s × 0.01 = 1.8 × 10⁻¹⁰. Yankho ndi 1.8 × 10⁻⁸, kapena kuti 0.000000018. Maayoni a siliva achepa koposa ka 700.

Chachitika n'chakuti ayoni ya siliva ikangochoka pa ufa, sichedwa kukumana ndi kolorayidi chifukwa wachuluka, ndipo imabwerera pansi. Mutha kuziona ndi maso: madzi oyera omwe akhuta AgCl mukawadonthezera madzi a mchere, amachita mbuu chifukwa siliva yemwe anasungunuka wayamba kutsika.

Ophunzira ambiri amaphonya pa kunyalanyaza kuja. N'kololedwa pokhapokha ngati s ali wochepa kwambiri poyerekeza ndi ayoni yomwe mwathira. Mukapeza yankho liyerekezeni: 0.000000018 pafupi ndi 0.01 si kanthu, ndiye zili bwino. Akanakhala oyandikana, mukanayenera kulemba s × (0.01 + s). Komanso si mchere uliwonse womwe umachita izi. Potaziyamu naitireti alibe siliva kapena kolorayidi, ndipo m'malo mochepetsa, amawonjezera pang'ono kusungunuka kwa AgCl.

Lamuloli lilinso ndi malire. Masamu athu awerenga maayoni a siliva oyenda okha. Kolorayidi akachuluka, wina amamatirira pa siliva n'kupanga ayoni yatsopano, AgCl₂⁻, yomwe imakhalabe m'madzi. N'chifukwa chake siliva yense woyezedwa m'madzimo amaposa yankho la masamu, ndipo mchere ukafika molo imodzi pa lita, AgCl amasungunuka kuposa m'madzi opanda kanthu. Amene akufuna kutsitsa siliva yense mu labotale amathira kolorayidi wopitirira pang'ono chabe.

Zomwezi zimachitikanso pansi pa nthaka. Mwala wa kashiamu fulorayidi umasungunuka pang'ono, ndipo madzi akakhala ndi kashiamu wambiri wochokera ku miyala ina, fulorayidi amachepa. Kumene kashiamu ali wochepa, fulorayidi amatha kupitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, malire omwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse linaika, ndipo ana omwa madzi a mijigo yotere mano awo amachita mawanga ofiirira. Vutoli likupezeka m'madera ena a m'Malawi, ndipo oyeza madzi akapeza kashiamu wochepa pa mjigo amadziwa kuti ayenera kuyezanso fulorayidi.