Mutu, Mzere Woyamba ndi Mathero: Kodi Nyimboyi Ikunena Chinthu Chimodzi?

Pali nyimbo zomwe zimakoma m'khutu, ng'oma yake yabwino, mawu a woimba osalala, koma ikatha munthu sutha kufotokozera mnzako kuti imanena chiyani. Ambiri amati vuto ndi wojambula ku situdiyo kapena zida. Kawirikawiri vutolo limakhala papepala, ndipo limaonekera pamalo atatu okha: pamutu wa nyimbo, pamzere woyamba ndi pamzere womaliza. Malo atatuwa akagwirizana, womvera amanyamuka pamodzi ndi woimba n'kukafika naye limodzi. Akasemphana, ndiye kuti mwalemba nyimbo zitatu n'kuzimanga ndi kolasi imodzi.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Tengani pepala, lembani mutu pamwamba, mzere woyamba pakati, mzere womaliza pansi. Mavesi onse ndi kolasi muziike pambali. Pepalalo mupatse munthu amene sanaimvepo nyimboyo, ndipo mumufunse mafunso atatu. Akulankhula ndani, ndipo akuuza yani? Akulankhula nthawi iti? Chasintha n'chiyani pakati pa mzere woyamba ndi womaliza? Ngati munthuyo akukanda kumutu pa funso loyamba lomwe, musathamangire kukajambulitsa.

Tiyeni tione ndi chitsanzo chomwe ndapeka ndekha kuti nkhaniyi imveke. Mnyamata walemba nyimbo ya bambo amene anapita ku Joni kukafuna maganyu, kusiya mkazi ndi mwana kumudzi. Mutu wake ndi "Ndikubwera Disembala". Mutuwu ndi wabwino kwambiri. Uli ndi munthu amene akulankhula, uli ndi wina amene akudikira, uli ndi nthawi, komanso uli ndi lonjezo. Aliyense amene ali ndi m'bale ku South Africa akudziwa kuti Disembala ndi mwezi womwe mabasi amadzaza kudutsa ku Tete mpaka kuchipata cha Mwanza kapena cha Dedza, ndipo akudziwanso kuti si onse olonjeza amene amakwera basiyo. Nyimbo isanayambe n'komwe, womvera wafunsa kale mumtima kuti abweradi?

Ndiye mzere woyamba ukuti: "Chikondi ndi chinthu chokoma padziko lapansi." Apa ulusi waduka kale. Mutu unali ndi bambo wolankhula ndi mkazi wake, koma mzerewu ukulankhulidwa ndi mlaliki amene akuuza dziko lonse. Ku Joni kulibe, Disembala kulibe, mkazi kulibe. Mungauzule mzerewu n'kuubzala m'nyimbo ya ukwati kapena ya chibwenzi cha kusukulu ndipo palibe angadandaule. Ndicho chizindikiro choyamba cha mzere wodwala: umakhala bwinobwino m'nyimbo ina iliyonse.

Mathero ake akuti: "Mulungu ndi wabwino nthawi zonse, tiyeni timutamande." Mawuwa ndi oona ndipo palibe amene angawatsutse, koma sakuyankha funso lomwe mutu unadzutsa. Bamboyo wabwera? Mkazi akudikirabe? Woimba watithawa pakhomo, watisiya ndi mawu oti tonse tivomereze kuti ameni. Izi zimachitika kwambiri chifukwa mlembi akafika kumapeto amakhala atatopa, kapena akuopa kutsiriza ndi chinthu chowawa, ndiye amagwira chilichonse chomwe anthu sangakane, kaya ndi malangizo, mwambi kapena pemphero. Ine ndilibe mangawa ndi pemphero m'nyimbo. Koma likhale pemphero la bamboyo, lopempherera ulendo wake ndi nyumba yake, osati lobwereka.

Pokonza, yambani ndi mzere woyamba. Ntchito yake ndi kutiimika pamalo pomwe lonjezo la mutu likufunika. Tiyerekeze kuti waukonza motere: "Amake mwana, foni yanu ndinaiona, sindinayankhe dala." Tsopano tamudziwa wolankhula ndi womvera. Tadziwa kuti ali kutali, chifukwa akulumikizana pafoni. Ndipo kamawu koti "dala" katiuza kuti pali manyazi, pali chomwe bamboyu akulephera kunena. Onani kuti mzerewu sunabwereze mutu, ndipo sunaulule mathero. Wangotipatsa chifukwa chomwe munthu angafunikire kulonjeza kuti akubwera.

Mathero ndi pomwe pamafunika kukhalitsa, chifukwa pali njira zingapo ndipo iliyonse imabala nyimbo yosiyana. Njira yoyamba ndi yakuti lonjezo likwaniritsidwe: "Tsegulani chitseko, amake mwana, ndi ine." Iyi ndi nyimbo yachisangalalo, yoyenera kuvinidwa pa Khirisimasi. Imagwira ntchito ngati mavesi apakati atiyendetsa ulendo, kusunga ndalama, kugula tikiti, kuima pamzere kuchipata. Popanda ulendowo, kufikako kumamveka kwaulere.

Njira yachiwiri ndi yomwe ndimaikonda. Mzere womaliza ukuti: "Mwana ndinamusiya ali kumsana, lero akuti walemba dzina lake, muuzeni ndikubwera Disembala." Mawu a mutu abwerera osasintha ngakhale chilembo chimodzi, koma kulemera kwake kwasintha. Mwana amene anali kumsana sangalembe dzina m'chaka chimodzi. Woimba sanatiuze kuti papita zaka zambiri, kapena kuti lonjezoli lanenedwapo kangapo, koma tawerengera tokha. Poyamba mutu unamveka ngati uthenga wabwino. Pomaliza ukumveka ngati ngongole yomwe ikungosunthidwa tsiku lobweza. Muyezo weniweni wa kugwirizana kwa zinthu zitatuzi ndi umenewu: mukawerenga mutu kachiwiri mutamva mathero, uzinena zambiri kuposa zomwe unanena musanamve nyimboyo.

Pali njira yachitatu, yoti mkazi ayankhe: "Musavutike, bambo ake, ife tinasiya kuwerenga miyezi." Imapweteka bwino, koma ili ndi msampha. Nyimbo yonse yakhala m'kamwa mwa mwamuna, ndiye mawu a mkazi akangotulukira pamzere womaliza womvera amasokonezeka, makamaka ngati woimba ndi mmodzi yemweyo. Pamafunika kumukonzera malo, mwina alankhulepo m'vesi yachiwiri, kapena gawo lake liimbidwe ndi mayi.

Chichewa chimatithandiza kugwira zolakwa zina msanga. Yang'anani ngati wouzidwayo ndi "inu" kapena "iwe". Bambo akayamba ndi "foni yanu" n'kumaliza ndi "ndimakukonda iwe", womvera amamva ngati walowa munthu wachitatu, chibwenzi mwina. Kusinthako n'kololedwa ngati kuli kwadala, monga pamene ulemu ukusungunuka chifukwa cha mkwiyo kapena chifukwa cha kuyandikana, koma mlembi azidziwa kuti wachita zimenezo ndi chifukwa chake. Yang'ananinso nthawi ya aneni. "Ndikubwera" ndi munthu amene phazi lili kale panjira, pomwe "ndidzabwera" ndi munthu amene wakhala pansi. Mutu ukakhala ndi woyambayo ndipo kolasi yomaliza n'kutembenukira kwa wachiwiriyo, mwanena nkhani yonse ya kufooka kwa lonjezo ndi kachilembo kochepa. Zikachitika mwangozi, mwangoonetsa kuti simunawerenge zomwe mwalemba.

Vuto lina silichokera kwa mlembi koma ku situdiyo. Nyimbo zambiri zamakono zimatsegula ndi kutchula dzina la wojambula, la woimba ndi la kampani, ndipo zimatseka ndi moni kwa anzake ndi kwa omwe anathandiza ndalama. Mwambo woyamikawu uli ndi malo ake, koma womvera sadziwa kuti izi ndi zapadera. Kwa iye chomwe wamva poyamba ndicho chiyambi, chomwe wamva pomaliza ndicho mathero. Mukatsiriza nkhani ya mwana wosamudziwa bambo ake kenako n'kuyamba kufuula mayina a anzanu a ku Ndirande, mwafufuta nokha chomwe munamanga. Choncho poyeza, lembani mawu oyamba ndi omaliza omwe akumveka m'nyimbo yojambulidwayo, osati omwe ali m'kope. Kutsogoloku nthawi ndi yochepa: pa Spotify nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa munthu akafika masekondi 30, ndipo ngati masekondi amenewo athera pa mayina ndi zida zokha, mzere wanu woyamba ambiri sadzaumva.

Muyezowu uli ndi malire ake, ndipo kuugwiritsa ntchito paliponse n'kulakwira nyimbo zina. Nyimbo za pamtondo, za chimtali kapena za kumaliro zimazungulira: wotsogolera amaponya, gulu limavomera, ndipo zimatha ntchito ikatha kapena wotsogolera akasintha nyimbo. Sizinapangidwe kuti zichoke pano kukafika apo, ndiye kufunsa kuti chasintha n'chiyani n'kufunsa funso lolakwika. M'mabuku a nyimbo za kutchalitchi, nyimbo zambiri zimadziwika ndi nambala ndi mzere woyamba, kotero mutu ndi chiyambi n'chinthu chimodzi. Pamenepo chotsala n'kuona ngati ndime yomaliza yapita patsogolo, ndipo nthawi zambiri imapita, kuchoka pa mavuto a pansi pano kukathera pa chiyembekezo cha kumwamba. Muyezo wathu umagwira kwambiri pa nyimbo yosimba nkhani, yodandaula kapena yolangiza, yomwe ili ndi wolankhula mmodzi ndi mavesi awiri kapena atatu.

Wina anganene kuti masiku ano anthu samva nyimbo yonse. N'zoona ndithu. Nyimbo ya Giddes Chalamanda ya "Linny Hoo", yomwe anaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inafika kumayiko akutali kudzera pa TikTok, komwe anthu amamva kachidutswa kokha ndipo ambiri a iwo samadziwa n'komwe tanthauzo la mawu ake. Koma kachidutswa kakamukoka munthu, amalemba mutu pafoni n'kukafuna nyimbo yonse, ndipo kumeneko ndi komwe amasankha ngati aibwereza kapena ayi. Mutu womwewo ndi umene mudzalembetse ku COSOMA, umenenso womvera adzatchule poimbira foni kuwayilesi kupempha nyimbo. Ngati mutu uli wina koma anthu akuitchula nyimboyo ndi mawu ena a m'kolasi, akuuzani kale mutu wake weniweni.

Nanga zinthu zitatuzi zikasemphana, musinthe chiti? Ambiri amasintha mutu chifukwa ndi wamfupi. Uphungu wanga ndi wakuti muyambe mwapeza chomwe chili ndi moyo kwambiri mwa zitatuzo, chomwe simungalole kuchitaya, ndipo zinazo zigonjere chimenecho. M'chitsanzo chathu chamoyo unali mutu, ndiye chiyambi ndi mathero ndizo zinalembedwanso. Nthawi zina chamoyo chimakhala mzere womaliza, womwe unabwera mochedwa mlembi atazindikira chomwe amafuna kunena. Zikatero musaumirire mutu wakale chifukwa choti munauza kale anzanu. Bwererani pamwamba, mupatse nyimboyo mutu watsopano, mulembenso mzere woyamba, ndipo muchite zimenezi musanalipire ola limodzi la ku situdiyo.